Chitini Chopindika, Chofufuma Kapena Chadzimbiri: Chodya ndi Chiti, Chotaya ndi Chiti?

Nsomba za m'chitini, nyemba, nyama ya ng'ombe yogaya, matimati ophwanya, jamu ndi mkaka wamadzi zimayenda mtunda wautali zisanafike pakhomo panu. Zimakwezedwa pa lole, kutsitsidwa ku holoselo, kumangidwa pa kabaza, kenako kuunjikidwa mu okala yofolera malata momwe masana mumatentha kwambiri. Chitini chofika chosalala mbali zonse ndi chamwayi, ndipo mukati muzitaya chilichonse chokhala ndi kachilema mudzataya ndiwo zabwinobwino zambiri. Koma pali kuwonongeka kwina kumene kumapha. Vuto ndi lakuti kukula kwa chilema sikunena zambiri. Chitini chopindika motambalala pamimba chikhoza kukhala chabwino, pomwe china chongogunda pang'ono m'mphepete n'chotaya. Chofunika kudziwa ndi malo amene chawonongeka ndi mtundu wa kuwonongekako.

Mmene chitini chimasungira chakudya

Ambiri amaganiza kuti nsomba za m'chitini zimakhalitsa chifukwa chothiridwa mankhwala. Kwenikweni chimazisunga ndi moto ndi kutseka. Ku fakitale amalongedza chakudya, amachotsa mpweya, amatseka chivindikiro, kenako amaphika chitini chonsecho chili chotseka m'mphika waukulu wa nthunzi. Zakudya zopanda asidi wambiri, monga nsomba, nyama, nyemba, nsawawa ndi chimanga, amaziphika pa madigiri pafupifupi 121, kupitirira pomwe madzi amawirira pa mbaula. Kutentha kotere n'kumene kumapha ngakhale njere zolimba za tizilombo. Chitini chikazizira, chakudya cha m'katimo chimanyala pang'ono ndipo chimakoka chivindikiro ndi tsinde lake kulowa m'kati. N'chifukwa chake chitini chabwino chimakhala chafulati kapena cholowa pang'ono kumwamba ndi kunsi, ndipo mukachiboola mumamva kampweya kakulowa mwachidule kuti fyuu. Kaphokoso kameneko si koopsa.

Tsopano yang'anani mkombero wa chitini. Chivindikiro sichinawotcheredwe. M'mphepete mwake ndi m'mphepete mwa thupi la chitini anazikoletsa n'kuzipinda pamodzi ngati mmene telala amapindira mpendero wa nsalu, n'kuzifinya ndi makina, pakati pake pali kamphira kopyapyala. Uwu ndiwo msoko. Zitini zambiri zili ndi misoko itatu: wa pamwamba, wa pansi, ndi wina wotsika m'mbali womwe kawirikawiri umabisika pansi pa pepala. Zina, monga tizitini tafulati ta nsomba, zili ndi msoko wa pamwamba wokha. Moyo wonse wa chitini uli pa misoko imeneyi. Msoko ukagundidwa ukhoza kutseguka kwa kanthawi kochepa zedi n'kutsekanso, ndipo popeza m'kati muli kukoka, chitini chimayamwa mpweya kapena dontho la madzi akunja pamodzi ndi tizilombo tili m'menemo. Diso silingaone kuti zimenezi zachitika.

Zinachitikapo mumzinda wa Aberdeen ku Scotland m'chaka cha 1964. Anthu oposa 400 anadwala taifodi, ndipo ofufuza analondola matendawo mpaka pa chitini chimodzi chachikulu cha nyama ya ng'ombe yochokera ku Argentina. Ku fakitale ankaziziritsa zitini zotentha ndi madzi a mumtsinje osathira mankhwala, ndipo chitinicho chinayamwa madziwo kudzera pamsoko wosalimba. Nyamayo inadulidwa pa makina a m'sitolo, makinawo n'kupatsira nyama zina.

Kupindika

Tengani chitini m'manja pamalo owala, muchizungulize pang'onopang'ono, ndipo muyendetse chala pamwamba pa pepala chifukwa pepala limabisa zambiri. Mukapeza popindika, funsani kaye kuti pali pati.

Ngati pali pamimba, kutali ndi misoko, ndipo polowa m'katipo ndi posalala popanda ngodya, chakudyacho n'chabwino. Chitsulo chinangowerama, sichinasweke. Chitini chotere chidyeni choyamba, musachisunge miyezi.

Ngati kupindikako kwakhudza mkombero wa pamwamba kapena wa pansi, kapena kwagwera pamsoko wa m'mbali, tayani. Apa musayeze kukula kwake. Chitini chikagwa pa simenti, kawirikawiri chimagwera pangodya, mkombero n'kuphwatalala pang'ono kapena kukhota. Kuphwatalala kochepa komweko, kumene munthu anganene kuti si kanthu, n'kokwanira kumasula msoko. Njira yapafupi yoonera ndi kuika chala pamkombero n'kuzungulira mpaka kubwerera pomwe munayambira. Mkombero wabwino umayenda mofanana konsekonse. Chala chikakhumudwa penapake, yang'anitsitsani. Kuti mupeze msoko wa m'mbali, funani kamzere kotsika kuchokera pamkombero wa pamwamba kufika wa pansi, ndipo ngati chitini ndi chanu kale, matulani pepala muone bwino.

Pamimba paja palinso malire. Polowa m'kati pakakhala pozama moti chala chanu chingagone m'menemo, kapena chitsulo chapindika mpaka kupanga mzere wakuthwa kapena nsonga, chitinicho n'chotaya. M'kati mwa chitini muli utoto wopyapyala wotchinga kuti chakudya chisakhudzane ndi chitsulo. Pamzere wakuthwa utotowo umang'aluka, ndipo nthawi zina chitsulo chenichenicho chimakhala ndi kamng'alu kosaoneka. Msuzi wa matimati uli ndi asidi, choncho umayamba kudya chitsulo pamalo osendekawo mpaka kuboola. Malo awiri opindika akakumana n'kupanga nsonga pakati, n'chimodzimodzi. Chitini chophwanyika mwakuti sichingaime chokha pathebulo, kapena chotsekulira zitini sichingayende pamkombero wake, sichifunanso kuchiganizira.

Zitini zotsekula pokoka kamphete zimafuna diso lina. Chivindikiro chake anachilemba kale mzere wopyapyala kuti chizing'ambika mosavuta, ndiye kugunda kulikonse pafupi ndi mzerewo kapena pa kamphetepo kukhoza kuchiboola. Mukaona kamphete katadzuka, kapena msuzi wouma m'mbali mwa mzere, chisiyeni.

Kufufuma

Apa palibe zokambirana. Chitini chimene chivindikiro kapena tsinde lake latukukira kunja n'chotaya, ngakhale chikhale chatsopano, chosapindika, deti lake lili kutali. Chinthu chimene chinapangidwa kuti chizikokera m'kati chikayamba kukankhira kunja, ndiye kuti m'katimo mwabadwa mpweya.

Kufufuma kumayamba pang'ono, ndipo poyambapo m'pamene anthu amapusitsika. Chitini chimaoneka chabwinobwino, koma mukadina chivindikiro ndi chala chachikulu chimalira kuti tobo, kulowa n'kubwerera. China mukadina pamwamba, pansi pamatukuka. China chimagwedera mukachiimika pathebulo chifukwa tsinde lake layamba kuzungulira. Pomaliza mbali zonse ziwiri zimatupa n'kulimba gwa, osadinikanso. Zonsezi ndi nkhani imodzi pamisinkhu yosiyana. Chivindikiro chabwino mukachidina sichiyenda ndipo sichilira.

Zoona, si mpweya uliwonse umachokera kwa tizilombo. M'zitini za zakudya zowawasa, monga matimati ndi zinanazi, asidi akadya chitsulo kwa nthawi yaitali pamatuluka mpweya umene umafufumitsa chitini. Nthawi zina ku fakitale amadzaza mopitirira. Wogulitsa wina adzakuuzani kuti changotupa ndi dzuwa. Mwina akunena zoona, koma inu ndi iye yemwe mulibe njira yosiyanitsira kufufuma kwa asidi ndi kufufuma kwa tizilombo muli panja pa chitini. Ndipo ngakhale chikhale cha asidi, chakudya chimene chasungunula chitsulo mpaka kufufumitsa chitini sichoyenera kupatsa ana. Zitini za zakumwa zamphamvu ya mpweya, monga zoziziritsa kukhosi ndi mowa, zili padera: zimenezo zimakhala zolimba mwachibadwa.

Choopsa kwambiri pa zonse ndi kachilombo kotchedwa botulinamu. Njere zake zili m'dothi, m'fumbi ndi m'matope pafupifupi kulikonse, ndipo timazimeza nthawi zambiri osadwala. Zimadzuka zikapeza malo onyowa, opanda mpweya, opanda asidi wambiri komanso ofunda, ndipo chitini cha nsomba kapena nyemba chili ndi zonsezi. Zikadzuka zimatulutsa poizoni amene ali m'gulu la poizoni wamphamvu kwambiri wodziwika padziko. Kungolawa kunsonga ya supuni kukhoza kumugoneka munthu. Chomvetsa mantha n'chakuti poizoniyu sanunkha ndipo samveka pakamwa, ndipo mitundu ina ya kachilomboka sifufumitsa chitini n'komwe. Choncho kufufuma kumatiuza kuti chitini n'choipa, koma kusafufuma sikutsimikiza kuti n'chabwino. Ichi n'chifukwa chake tikuumirira kwambiri za misoko.

Dzimbiri

Dzimbiri lili pawiri. Pali la pamwamba, timadontho tofiirira tomwe timabwera chitini chikakhala ponyowa. Lipukuteni ndi chala kapena kansalu kouma. Likachoka n'kusiya chitsulo chosalala, chakudyacho n'chabwino, ndipo chitinicho chidyedwe msanga. Pali lina lodya chitsulo. Mukalipukuta silichoka, kapena limachoka ngati makoko n'kusiya pokhakhala pokhala ndi timaenje. Timaenje timeneti tikhoza kuboola mpaka m'kati ndi kabowo kochepa kuposa nsonga ya singano, komwe msuzi sungatulukire koma tizilombo tingalowere. Chitini chotere n'chotaya. Dzimbiri lokhazikika m'ngalande ya mkombero, pomwe madzi amakonda kuima, muliweruze mwankhanza kuposa la pamimba.

Tembenuzani chitini nthawi zonse. Dzimbiri loopsa limakonda kunsi, kumene chitini chimagunda simenti yonyowa kapena katoni yonyowa, ndipo wogula amayang'ana pamwamba pokha. Pepala lothimbirira, lokhala ndi mabanga ofiirira kapena lomatirira nalonso limanena kanthu: mwina chitinichi chikudontha, mwina chinzake cha m'katoni chinaphulika n'kuchithira msuzi, ndipo msuzi wa matimati umadya chitsulo kuchokera kunja.

Ku South Africa m'chaka cha 2002, ana awiri a banja limodzi, wa zaka 8 ndi wa zaka 12, anafa ziwalo mwadzidzidzi n'kumwalira ndi botulizimu. Chimene anadya ndi nsomba za m'chitini za msuzi wa matimati, zopangidwa ku fakitale, zofanana ndi zomwe timagula m'magolosale mwathu muno. Akatswiri atafufuza anaona kuti chifukwa chake chiyenera kuti chinali dzimbiri limene linadya chitini n'kulowetsa tizilombo ta kunja. Mwina mungafunse kuti, kodi si paja matimati ali ndi asidi? Ali naye, koma nsomba zikalowamo asidiyo amachepa mphamvu, moti nsomba za msuzi wa matimati zimawerengedwa m'gulu la zakudya zopanda asidi wokwanira.

Tiyeze katoni imodzi

Tiyerekeze kuti mwagula zitini 6 za nsomba za magalamu 400 pamtengo wotsika, zoti ana azitengera ku sukulu yogonera komweko. Mwaziyala pathebulo pakhonde.

Choyamba chili ndi polowa m'kati pamimba, potambalala ngati zala ziwiri, posalala, ndipo chala chimangotsetsereka osagona. Misoko yonse ili bwino, chivindikiro sichilira. Ichi ndi ndiwo za lero, osati za mwana wopita kukasunga temu yonse m'bokosi.

Chachiwiri chikuoneka chokongola kuposa choyamba, koma chala chikuzungulira mkombero wa pansi chakhumudwa pamalo pamene paphwatalala kutalika kwa chikhadabo. Sichikudontha, sichinafufume. N'chotaya. Ichi ndicho anthu ambiri amachisunga n'kutaya choyamba chija.

Chachitatu chili ndi timadontho ta dzimbiri pachivindikiro. Mwapukuta ndi kansalu, tachoka, chitsulo chikuwala. Mwatembenuza, kunsi kuli bwino. Ichi n'chodya.

Chachinayi pamwamba n'choyera, koma kunsi dzimbiri lazungulira ngalande yonse ya mkombero, ndipo mukapala ndi chikhadabo pakutsala pokhakhala. N'chotaya.

Chachisanu chilibe chilema ngakhale chimodzi, koma chivindikiro chikulira tobo mukachidina. N'chotaya, ndipo musachitsekule kuti muone.

Chachisanu n'chimodzi chilibe vuto lililonse koma pepala lake lili ndi banga la msuzi wouma. Chitsukeni, chipukuteni, mumatule pepala, muyang'ane misoko itatu yonse. Ngati chitsulo n'chosalala ndipo palibe pomwe msuzi ukutulukira, banga lija linachokera kwa chinzake ndipo chikhoza kudyedwa. Mukakayika pomwe msuziwo unachokera, chiikeni pa gulu lotaya.

Mwa zitini 6 zija mwatsala ndi zitatu, ndiye mtengo wotsika uja wakwera kawiri. Bwenzi zili bwino kuyeza kumeneku kukanachitikira pa kauntala ndalama zisanatuluke m'thumba. Chitini chofufuma kapena chowonongeka pamsoko chibwezeni komwe munagula, ndipo mukaona wogulitsa akupitiriza kuika zotere pashelefu, dziwitsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ofesi ya zaumoyo ku khonsolo, kapena bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS.

Potsekula

Chitini chimene chapambana mayeso a kunja chikhoza kugwa potsekula. Pukutani chivindikiro kaye, chifukwa makoswe ndi mphemvu zimayenda pamenepo m'masitolo. Poboola, mpweya uyenera kulowa. Ukatuluka mwamphamvu, msuzi n'kuthovoka kapena kufwamphukira m'mwamba, siyani pomwepo. Thovu, fungo lowola kapena lowawasa, madzi amene amayenera kukhala oyera koma achita mbuu, nsomba zosungunuka kukhala phala, nkhungu, kapena dzimbiri m'kati mwa chitini, chilichonse mwa izi chikutanthauza kutaya. Timabanga takuda kapena totuwira pakhoma la m'kati mwa chitini cha nyama kapena nsomba si dzimbiri. Timabwera chifukwa chakudyacho chimadetsa chitsulo pophikidwa, ndipo ngati zina zonse zili bwino sitivulaza. Dzimbiri ndi lofiirira, ndipo limatsalira pachala mukalikhudza.

Musalawe kuti mutsimikize. Ndipo musadalire moto kuti ukonze chitini chokayikitsa. N'zoona kuti poizoni wa botulinamu amawonongeka chakudya chikawira bwinobwino kwa mphindi 10, koma munthu amakhala wakhudza kale msuziwo ndi manja, mpeni ndi supuni asanauike pamoto, ndipo pali poizoni wa tizilombo tina amene kuwiritsa sikumupha. Kukazinga nsomba pang'ono ndi anyezi monga timachitira sikufika n'komwe pamenepo.

Kataidwe kake

Chitini chofufuma musachiboole, musachiponye pamoto chifukwa chimaphulika, ndipo musachitaye kudzala kumene ana amatola zitini zopangira magalimoto. Ngati simungachibweze komwe munagula, valani jumbo m'manja, chiikeni m'jumbo ina, mangani, muikenso m'jumbo yachiwiri, kenako muchikwirire m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime, kumene galu kapena nkhumba singafukule. Musapatse ziweto. Nkhuku ndi abakha zimafa ndi poizoni yemweyu, khosi lili lende.

Msuzi ukatayikira pathebulo kapena pansi, sakanizani kapu imodzi ya jiki ndi makapu 9 a madzi, thirani pamalopo, dikirani mphindi 15, mupukute ndi nsanza yoti mutaye, kenako mutsuke ndi sopo. Chotsekulira kapena mpeni muuviike m'madzi a jiki omwewo, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanakhudze kumaso.

Kusunga, ndi zitini zomira m'madzi osefukira

Zitini zimafuna malo ouma ndi ozizirirapo: pashelefu kapena pathabwa, osati pasimenti, osati pafupi ndi mbaula, pawindo lowomba dzuwa, kapena m'mwamba pansi penipeni pa malata. Kutentha kopitirira madigiri 38, komwe ku Nsanje ndi ku Chikwawa si kwachilendo mu Okutobala ndi Novembala, kumafulumizitsa asidi kudya chitsulo. Zikasungidwa bwino, zakudya zowawasa monga matimati ndi zipatso zimakhala zokoma kwa miyezi 12 mpaka 18, pomwe nyama, nsomba ndi nyemba zimatha zaka 2 mpaka 5. Deti lolembedwa limagwira ntchito pa chitini chosawonongeka chokha.

Madzi osefukira, monga a namondwe wa Freddy mu 2023, amasakanikirana ndi za m'zimbudzi. Chitini chowonongeka mwanjira iliyonse chimene chamira m'madzi otere n'chotaya, chimodzimodzi chotsekula pokoka kamphete ndi mabotolo a zivindikiro zopotokola, chifukwa matope amabisala pomwe simungatsuke. Chitini chachitsulo chokhachokha chosawonongeka chikhoza kupulumuka. Matulani pepala, chitsukeni ndi sopo ndi madzi aukhondo, kenako muchiviike kwa mphindi 15 m'madzi osakaniza supuni yaikulu imodzi ya jiki pa malita 4, kapena muchiike m'madzi owira kwa mphindi 2. Chiume chokha kwa ola limodzi, mulembe pachitini chimene chili m'kati, ndipo chidyedwe msanga chisanachite dzimbiri.

Ngati wina wadya kale

Botulizimu sioneka ngati matenda a m'mimba amene tinazolowera. Ikhoza kuyamba ndi nseru ndi kusanza, koma zizindikiro zake zenizeni zimayambira kumutu n'kumatsika. Kawirikawiri zimabwera pakadutsa maola 12 mpaka 36, ngakhale zikhoza kufulumira kapena kuchedwa masiku angapo. Munthu amaona zinthu ziwiriziwiri kapena mwachimbuuzi, zikope zimalemera n'kugwa, m'kamwa mumauma, mawu amatuluka ngati a woledzera, kumeza kumavuta. Kenako manja amafooka, miyendo n'kutsatira, ndipo pomaliza minofu yopumira imaleka kugwira ntchito. Thupi silitentha ndipo nzeru zimakhala zili bwinobwino, n'chifukwa chake pakhomo anthu amayamba kuganiza za sitiroko kapena za kulodzedwa, nthawi n'kumapita.

Mukaona chimodzi mwa zizindikiro zimenezi pa munthu amene wadya za m'chitini masiku apitawa, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku, ndipo ngati n'kotheka chipatala cha boma chachikulu kumene angamuthandize kupuma. Musamupatse madzi, mkaka kapena mankhwala azitsamba ngati akuvutika kumeza, chifukwa zikhoza kulowa m'mapapo. Uzani adokotala mwachindunji kuti wadya chakudya cha m'chitini, chanji ndiponso liti. Tengani chitinicho ndi zotsala zake, mutazimanga m'majumbo awiri, chifukwa manambala osindikizidwa pachivindikiro amathandiza kupeza zitini zinzake zopangidwa tsiku limodzi. Onse amene anadya nawo mbale imeneyo apite limodzi kukaonedwa, ngakhale amene akumva bwino.